Asilikali a m'magazi sagwira ntchito imodzi: zimene mapepala awiri a kulabotale anaonetsa pa Chimbiya

Amene amadutsa pa Chimbiya pa msewu wa M1, pakati pa Lilongwe ndi boma la Dedza, amakumbukira kachewere wounjikidwa m'ndowa, anyezi, kabichi ndi tomato zondandalikidwa m'mphepete mwa tala. Zonsezi zimachokera m'minda ndi m'madimba momwe anthu amagwira khasu chaka chonse, ambiri a iwo osavala nsapato. Amalume anga ndi mmodzi mwa alimi amenewa, ndipo nkhani ino inayamba pamene khasu linawatema pamwamba pa phazi lamanzere akupalira mbatatesi m'dimba, m'mwezi wozizira wa Juni.

Balalo silinali lalikulu. Analitsuka ndi madzi a pachitsime, n'kulimanga ndi kansalu, n'kupitiriza ntchito. Tsiku lachitatu phazi linatupa, linafiira ndipo linkatentha ukaligwira. Tsiku lachinayi pabala panayamba kutuluka mafinya, m'mphechepeche munatuluka mwanabere, thupi lonse n'kutentha. Atapita kuchipatala anawayeza malungo koma sanawapeze nawo, ndipo anawatenga magazi a pamkono kuti akawerenge maselo ake. Tsiku lomwelo azakhali anapititsanso mdzukulu wawo wa zaka 11, amene ankadandaula za kufooka ndi kupweteka pokodza. Nayenso anamutenga magazi.

Madzulo ake mapepala awiri a kulabotale anali pamkeka, atapanikizidwa m'mabuku akuchipatala. Amalume anandipatsa lawo n'kunena kuti, "Mphwanga, adokotala akuti asilikali anga achuluka kwambiri, koma a mwanayu ali bwinobwino. Nanga bwanji tonse tapatsidwa mankhwala? Ndipo asilikali akachuluka, si ndiye kuti thupi lili ndi mphamvu?"

Funsoli ndi lomveka. Kuyambira nthawi imene Edzi inatipeza, tinazolowera kunena kuti "asilikali a m'thupi atsika" kapena "akwera", ngati kuti ndi gulu limodzi logwira ntchito imodzi. Koma maselo oyera a m'magazi alipo a mitundu isanu, ndipo inayi mwa iyo ndi imene dokotala amaiyang'ana kwambiri: manyutirofilo, malimfosayiti, maeyosinofilo ndi mamonosayiti. Mtundu uliwonse uli ndi mdani wake, nthawi yake yofikira pankhondo, komanso njira yake yolepherera. Chiwerengero cha onse pamodzi chimanena zochepa. Nkhani yeniyeni ili pa mtundu umene wachuluka ndi umene wasowa.

Kuwerenga pepala

Makina a kulabotale amawerenga maselo amene ali m'kadontho ka magazi kochepa kwambiri, kofanana ndi kabokosi ka milimita imodzi mbali zonse. M'kadontho kameneka muli maselo ofiira pafupifupi mamiliyoni anayi kapena asanu, amene amanyamula mpweya, ndipo akachepa ndi pamene timati munthu magazi amuchepera. Maselo oyera ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ofiirawo: mwa munthu wamkulu wathanzi amakhala pakati pa 4,000 ndi 11,000. Papepala amalembedwa kuti WBC. Pansi pake pamabwera mizere ya NEUT, LYM, MONO ndi EO, ndipo uliwonse umaonekera kawiri, koyamba ndi chizindikiro cha % kusonyeza gawo la mtunduwo pa maselo 100 alionse, kachiwiri ndi chizindikiro cha # kusonyeza kuchuluka kwake kwenikweni.

Pepala la amalume linati maselo oyera onse ndi 16,000. Pa 100 alionse, 85 anali manyutirofilo, 9 malimfosayiti, 6 mamonosayiti, ndipo eyosinofilo panalibe ndi mmodzi yemwe. La mwana linati onse ndi 9,000, chiwerengero chimene chili pakatikati pa malire oyenera. Koma pa 100 alionse, 38 anali manyutirofilo, 36 malimfosayiti, 6 mamonosayiti, ndipo 20 anali maeyosinofilo. Munthu wongoyang'ana mzere wapamwamba akanati mwanayu alibe vuto. Chonsecho maeyosinofilo sayenera kupitirira 6 pa 100.

Maselo amenewa anayamba kusiyanitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870, pamene Paul Ehrlich wa ku Jeremani anapaka utoto wosiyanasiyana pa magazi ouma n'kuwayang'ana pa maikulosikopu. Ena anagwira utoto wofiirira wotchedwa eyosini, ndipo dzina lakuti eyosinofilo likutanthauza wokonda utoto umenewo. Mu 1882 Élie Metchnikoff anaona maselo akuzinga kamunga kamene anabaya nako kachilombo ka m'nyanja, ndipo anazindikira kuti thupi lili ndi maselo amene amadya adani. Awiriwa anagawana mphoto ya Nobel mu 1908. Mpaka lero, makina akakayikitsa, katswiri wa kulabotale amapaka kadontho ka magazi pagalasi, kuthira utoto, n'kuwerenga maselo 100 ndi maso.

Oyamba kufika pabala

Khasu litatema phazi, linalowetsa dothi ndi mabakiteriya pansi pa khungu. Maselo ovulala, pamodzi ndi alonda amene amakhala m'mnofu nthawi zonse, anatulutsa timadzi tochenjeza. Timitsempha ta pamalopo tinakula, n'chifukwa chake phazi linafiira ndi kutentha. Makoma a timitsemphato anayamba kumata, ndipo manyutirofilo amene ankadutsa m'magazi anakakamira, n'kudzipanikiza kutuluka pakati pa maselo a khomalo, kulondola fungo la mabakiteriya. Zonsezi zimayamba m'maola ochepa chabe.

Nyutirofilo safunsa dzina la mdani. Akakumana ndi bakiteriya amamumeza, kumutsekera m'kathumba, n'kumuthira mankhwala owononga, ena mwa iwo ofanana ndi jiki wochapira. Akatero nayenso sakhalitsa, amafa. Mafinya amene ankatuluka paphazi la amalume anali makamaka mitembo ya manyutirofilo, yosakanikirana ndi mabakiteriya akufa ndi amoyo komanso mnofu wosungunuka. Chithupsa chikapsa, zimene zimatuluka ndi zomwezo. N'chifukwa chake kuchipatala anayamba ndi kulitsegula balalo ndi kulitsuka asanawapatse mankhwala: magazi safika bwino pakati pa thumba la mafinya, choncho mankhwala akumwa kapena obaya nawonso safikamo mokwanira.

Maselo amenewa moyo wawo ndi waufupi. M'magazi amakhalamo maola owerengeka, mwina kufika tsiku limodzi, ndipo mafuta a m'mafupa amayenera kupanga atsopano pafupifupi mabiliyoni 100 tsiku lililonse. M'mafupamo mumakhalanso nkhokwe ya amene akhwima kale. Uthenga ukafika wakuti mabakiteriya alowa, nkhokweyo imatsegulidwa. Tikawerengera, 85 pa 100 alionse a 16,000 ndi 13,600, pamene mwa munthu wathanzi manyutirofilo sapitirira kwenikweni 7,500. Zinthu zikathina kwambiri, mafupa amatumiza ngakhale osakhwima, ndipo katswiri amawazindikira pagalasi chifukwa phata lawo limakhala lopindika ngati chikwakwa m'malo mogawika timagawo titatu kapena tinayi. Kuchuluka kwa asilikali a amalume sikunali chizindikiro cha mphamvu. Chinali chizindikiro chakuti mabakiteriya adutsa pabala, ayamba kufalikira pansi pa khungu, ndipo thupi likufunika thandizo.

Chimodzimodzi chimachitika ndi chibayo choyamba ndi mabakiteriya, chimene chimavuta kwambiri ana ndi okalamba kuno kumapiri miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene anthu amadzitsekera m'nyumba za utsi pothawa chisanu. Koma pepala lokha silokwanira kugamula mlandu. Manyutirofilo amakweranso mwa mayi woyembekezera, makamaka pa nthawi yobereka, mwa munthu amene wangothamanga kwambiri, wosuta fodya, kapena amene akumwa mankhwala a puredinisoloni. Ndipo pali matenda a mabakiteriya amene sawakweza. Tayifodi nthawi zambiri imasiya chiwerengero chili m'malire kapena chotsika. Khanda la masiku ochepa kapena gogo wokalamba akagwidwa ndi mabakiteriya m'magazi, manyutirofilo angathe kutsika chifukwa akutha msanga kuposa mmene akupangidwira, ndipo kutsika kumeneko n'koopsa kuposa kukwera.

Amene ali pa mankhwala a khansa amaidziwa bwino nkhani imeneyi. Mankhwalawo amapha maselo amene amagawikana msanga, kuphatikizapo a m'mafupa, ndipo patapita sabata imodzi kapena awiri chilandirire mankhwala manyutirofilo amafika pansi. Akatsika kupyola 500, ngakhale mabakiteriya a m'kamwa ndi m'matumbo a munthu mwini angathe kumupha. Mafinya saoneka, kutupa sikuoneka kwenikweni, chifukwa opanga mafinyawo palibe. Chizindikiro chimene chimatsala ndi kutentha thupi basi. Wodwala wotere thupi likatentha kufika madigiri 38, sayenera kumwa panado n'kudikira kuti kuche. Ayenera kufika kuchipatala usiku womwewo.

Pali chinthu chinanso chimene chimatikhudza ife eni dera lino la dziko. Anthu ambiri a kuno ku Afirika kum'mwera kwa Sahara amabadwa opanda kachizindikiro kotchedwa Dafe pa maselo awo ofiira. Kusowa kwake kumateteza ku mtundu wina wa malungo wotchedwa vivakisi, koma kumachititsanso kuti manyutirofilo oyenda m'magazi akhale ocheperapo. Munthu angapezeke ndi 1,500 kapena kutsikirapo pang'ono, makina amene anaikidwa malire a azungu n'kulemba kuti atsika, chonsecho munthuyo ali bwinobwino ndipo sadwaladwala. Ndimaona kuti aliyense wowerenga mapepala amenewa m'zipatala zathu ayenera kukumbukira zimenezi, kuti asaopseze munthu wathanzi kapena kumuletsa mankhwala amene akufunika.

Otsuka ndi osunga mdani

Mamonosayiti ndiwo aakulu kwambiri pa maselo oyera onse, koma ndi ochepa, pakati pa 2 ndi 10 pa 100 alionse. Amalume anali ndi 960, mwana anali ndi 540. M'magazi amangodutsa, tsiku limodzi kufika atatu, kenako amalowa m'mnofu n'kusanduka makirofeji, dzina lotanthauza wakudya kwambiri. Pabala amafika mochedwerapo, patapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo sathamangira kufa ngati anzawo aja. Amameza mitembo ya manyutirofilo, dothi ndi mnofu wakufa, kenako amaitana maselo omanga kuti ayambe kuluka mnofu watsopano. Patatha sabata, pamene bala la amalume linayera n'kuyamba kuoneka lofiira ngati nyama yatsopano, imeneyo inali ntchito yawo.

Maselo a banja limeneli amapezekanso m'mapapo, m'chiwindi ndi m'kapamba, momwe amasefa mpweya ndi magazi. Pa malungo, ndiwo amachotsa maselo ofiira amene alowedwa ndi tizilombo, n'chifukwa chake mwana wodwala malungo pafupipafupi amatupa kapamba kumanzere kwa mimba. Pagalasi, katswiri nthawi zina amaona timadontho takuda m'kati mwa monosayiti, totsalira ta magazi amene tizilombo ta malungo tinadya.

Chifuwa chachikulu ndiye chimaonetsa malire a mphamvu zawo. Kachilombo kake kakalowa m'mapapo, makirofeji amakameza monga mwa ntchito yake, koma kali ndi khungu lamafuta lolimba ndipo kamatseka njira imene seloyo imaphera. Kamakhala moyo m'kati mwa mlonda amene. Thupi likalephera kukapha limakamangira mpanda: mamakirofeji ambiri amazungulira, malimfosayiti n'kuzinga kunja kwake. Mpanda umenewu ungathe kugwira zaka makumi, munthu osadwala ndiponso osapatsira wina. Koma makirofeji payekha alibe mphamvu zokwanira zousunga. Amadalira lamulo lochokera kwa mtundu wina wa limfosayiti, ndipo lamulolo likasiya kubwera mpanda umagumuka.

Mwanabere ndi kukumbukira kwa thupi

Mwanabere amene anatuluka m'mphechepeche mwa amalume anawadetsa nkhawa kuposa bala lenilenilo. Tonse timadziwa kuti ukavulala kuphazi mwanabere amatuluka pamenepo, ukavulala kudzanja amatuluka m'khwapa. Timabere timeneti timakhalapo nthawi zonse, tating'ono ngati nyemba, ndipo ndi mabwalo amene malimfosayiti amasonkhanapo. Maselo ena a pabala amatenga tizidutswa ta mdani n'kupita nato kubwalo lapafupi kukationetsa. Limfosayiti aliyense amadziwa nkhope imodzi yokha ya mdani, ndipo pa mamiliyoni osawerengeka, ochepa chabe ndiwo amaizindikira. Ochepawo amayamba kugawikana mobwerezabwereza mpaka atakhala chikhamu. Kutupa ndi kupweteka kwa mwanabere kumachokera pamenepo, ndipo bala likapola nayenso amaphwa. Amene akhala milungu yoposa iwiri kapena itatu osaphwa, makamaka m'khosi, wolimba ndi wosapweteka, ayenera kuonedwa ndi dokotala, chifukwa chifuwa chachikulu ndi khansa zimayambanso choncho.

Pagalasi malimfosayiti onse amaoneka ofanana, timaselo tating'ono tozungulira, koma ntchito zawo n'zosiyana. A mtundu wa B amapanga maantibode, timapuloteni timene timayenda m'magazi n'kumata pa mdani kapena pa poizoni wake. Bakiteriya amene wamatidwa chotere savuta kugwira, ndipo nyutirofilo amamumeza mosavuta. A mtundu wa T otchedwa CD8 amapha maselo a thupi amene alowedwa ndi mavairasi, chifukwa vairasi imabisala m'kati mwa selo momwe nyutirofilo sangaione. A T otchedwa CD4 sapha okha kwenikweni. Ndiwo amalamula a B kuti apange maantibode abwino, amalimbikitsa a CD8, ndipo ndiwo amapatsa makirofeji mphamvu zosunga mpanda uja.

Ntchito ya malimfosayiti imachedwa. Mdani akakhala wachilendo, pamapita sabata imodzi kapena awiri kuti chikhamu chikwanire. Koma nkhondo ikatha ena amatsala kwa zaka zambiri akukumbukira, ndipo mdani yemweyo akabweranso amayankha m'masiku awiri kapena atatu. Katemera amagwira ntchito pa kukumbukira kumeneku. Katemera wa chibayo amene dziko lino linayamba kupereka kwa ana mu 2011, wa rota woteteza kutsekula m'mimba wa 2012, wa malungo amene Malawi anakhala dziko loyamba kumupereka kusikelo mu Epulo 2019, ndi wa tayifodi wa 2023, onsewa amaonetsa malimfosayiti nkhope ya mdani iye asanafike. Chikuku n'choopsa pa chifukwa chomwechi: chimapha malimfosayiti okumbukira, ndipo mwana amene wachira chikuku amatha kuiwala adani amene anawagonjetsa kale.

Amalume anabayidwa jakisoni wa kafumbata tsiku limene anapita kuchipatala lija. Kachilombo ka kafumbata kamakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo kamapha ndi poizoni amene amaumitsa minofu. Nyutirofilo sangameze poizoni, amene angamugwire ndi maantibode okha. Amayi ambiri amalandira katemera ameneyu kusikelo ya apakati, koma abambo ambiri chilandirire ali makanda sanabayitsenso, ndipo ena obadwa kale sanalandireko n'komwe, chonsecho tsiku lililonse ali m'dimba lothiridwa manyowa.

Papepala la amalume malimfosayiti anali 9 pa 100, pamene mwa wamkulu amayenera kukhala pakati pa 20 ndi 40. Azakhali ataona chizindikiro chakuti atsika, mtima unawagunda, chifukwa kwa ife kutsika kwa asilikali kumatikumbutsa chinthu chimodzi. Koma 9 pa 100 alionse a 16,000 ndi 1,440, chiwerengero chimene chili m'malire oyenera a 1,000 kufika 4,000. Malimfosayiti sanachepe. Anangooneka ochepa chifukwa anzawo anasefukira. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa powerenga: mzere wofunika kuyang'ana ndi wa #, osati wa % wokha. Komanso pepala limeneli silingauze munthu ngati ali ndi HIV. Makinawa amawerenga malimfosayiti onse pamodzi. Kuwerenga CD4 ndi kuyeza kwina, ndipo kuyeza HIV n'kwinanso.

HIV imalowa ndendende m'maselo a CD4. Mwa munthu wathanzi amakhala pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho kaja. Akatsika kupyola 200, dokotala amati matenda afika patali. Manyutirofilo angakhalepo okwanira, mamonosayiti angakhalepo, koma wolamula palibe. N'chifukwa chake matenda amene amabwera pa nthawi imeneyo ndi aja amene thupi linkangowasunga m'mpanda: chifuwa chachikulu, mashingozi, matenda oumitsa khosi oyamba ndi kafangasi. Boma linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo mwaulere mu 2004, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilomboka amayamba mankhwala posayang'ana chiwerengero cha CD4. Kachilombo kakaponderezedwa, maselowa amayambanso kuchuluka.

Kwa ana aang'ono malire ndi ena. Mwana wosafika zaka zinayi kapena zisanu amakhala ndi malimfosayiti ambiri kuposa manyutirofilo, ndipo limenelo si vuto. Akachuluka kwambiri mwa khanda lotsokomola mobanika, dokotala amaganizira chifuwa chokoka mtima.

Pepala la mwana

Tibwerere kwa mdzukulu uja. Pa maselo 9,000, 20 pa 100 alionse ndi maeyosinofilo 1,800, pamene sayenera kupitirira 500. Dokotala ataona zimenezi sanafunse za chifuwa kapena za bala. Anafunsa kumene mwanayo amasamba. Zinapezeka kuti patchuthi cha kumapeto kwa chaka anapita kwa abale a bambo ake ku Mtakataka, kumunsi kwa mapiri chakunyanja, komwe ankasambira m'madzi odikha tsiku lililonse. Boma la Dedza limayambira kumapiri ozizira mpaka kukafika ku nyanja ya Malawi, ndipo likodzo limafala kwambiri kumunsi kotenthako, kumene nkhono zosunga tizilombo take zimaswana bwino. Mwanayo anaulula kuti kumapeto kwa mkodzo kumatuluka timagazi, koma ankachita manyazi kunena. Mkodzo utayezedwa, mazira a likodzo anapezeka.

Nyongolotsi ya likodzo imatalika pafupifupi sentimita imodzi kapena kuposerapo. Palibe selo limene lingaimeze. Ntchito ya eyosinofilo ndi kumenya mdani wamkulu chotere ali kunja: amamata pakhungu la kanyongolotsi kapena pa dzira limene lazingidwa ndi maantibode, n'kukhuthula poizoni amene ali m'timatumba take tofiirira tija. Pa tiana ta nyongolotsi njira imeneyi imathandiza. Zikuluzikulu zimadziphimba ndi zinthu za m'thupi la munthu mwini n'kukhala zaka m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo zikuikira mazira. Mazira amene akodwa m'khoma la chikhodzodzo amazingidwa ndi maeyosinofilo ndi mamakirofeji, ndipo nkhondo yosathayo ndi imene imabweretsa zilonda, magazi ndi zipsera. Ikapitirira zaka zambiri ingatseke njira za mkodzo, kuwononga impso, ngakhale kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo.

Mwanayo anapatsidwa purazikwantelo, amene amaperekedwa mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu. Iye ankalemera makilogalamu 30, choncho anamwa mamiligalamu 1,200, mapiritsi awiri a 600, atadya kaye. Anamupatsanso alubendazo wa njoka zam'mimba. Ndi mankhwala omwe aja alangizi a zaumoyo amagawa m'masukulu. Dokotala anachenjeza kuti maeyosinofilo satsika tsiku limodzi. Angathe kukwera kaye nyongolotsi zikamafa, ndipo zimatenga milungu kapena miyezi kuti abwerere m'malo.

Kuno kumtunda, chimene chimakweza maeyosinofilo kawirikawiri ndi njoka zam'mimba, makamaka zija zimalowera pakhungu la kuphazi munthu akaponda dothi lonyowa loipitsidwa ndi chimbudzi. Zimakweza kwambiri pamene tiana take tikuyenda m'mnofu ndi m'mapapo. Nyongolotsi imene yangokhala m'matumbo osaboola khoma nthawi zina siikweza n'komwe, choncho chiwerengero chabwino sichitsimikizira kuti m'mimba mulibe kanthu. Malungo nawo sakweza maeyosinofilo, ngakhale timawatchula kuti tizilombo. Ndipo maselo omwewa amatha kulakwitsa mdani: pa mphumu, pa ziwengo za pakhungu, kapena thupi likadana ndi mankhwala ena monga bakitirimu, amakhuthula poizoni wawo pa mnofu wosalakwa. Munthu amene wayamba mankhwala atsopano n'kutuluka zidzolo thupi lonse, kutentha thupi, maeyosinofilo n'kukwera, ayenera kubwerera kuchipatala msanga.

Nanga ziro wa papepala la amalume? Thupi likakhala pankhondo yaikulu ndi mabakiteriya limatulutsa timadzi timene timachotsa maeyosinofilo m'magazi. Kusowa kwawo kunkagwirizana ndi zonse zimene phazi linkaonetsa. Akanakhala kuti nawonso ali ndi njoka zam'mimba, tsiku limenelo pepala silikanaonetsa.

Si makina onse amene amasiyanitsa mitundu yonseyi. Ena amene amapezeka m'malabotale aang'ono amagawa patatu pokha, ndipo amaphatikiza mamonosayiti, maeyosinofilo ndi mabasofilo, mtundu wachisanu uja, mu mzere umodzi wolembedwa MXD kapena MID. Mzere umenewo ukakwera, sungadziwe kuti wakwera ndi ndani pokhapokha magazi atayang'anidwa pagalasi. Magazi a mwana uja akanapimidwa pa makina otere, wowerenga n'kungoyang'ana mzere wapamwamba, akanabwerera kunyumba ndi panado.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri a ife, thupi likangotentha, timathamangira kugolosale kapena kwa ogulitsa mankhwala pamsika kukagula makapisozi a amokisilini. Mankhwala amenewa amathandiza pa nkhondo ya nyutirofilo, yolimbana ndi mabakiteriya. Sakhudza vairasi ya chimfine, imene malimfosayiti amathana nayo okha m'masiku owerengeka. Sakhudza nyongolotsi ya likodzo, sakhudza malungo, ndipo sachiza chifuwa chachikulu, chimene chimafuna mankhwala ake kwa miyezi isanu ndi umodzi. Kumwa makapisozi awiri atatu pa matenda alionse kumangophunzitsa mabakiteriya kupirira, kuti tsiku limene phazi lidzatupe ngati la amalume mankhwalawo adzakhale opanda ntchito.

Amalume anamaliza mankhwala awo onse ndipo patapita masabata atatu anabwerera kudimba, atavala majombo. Mkodzo wa mwana unayera pasanathe mwezi. Inu amene mudzapatsidwe pepala lotere, musangofunsa ngati magazi ali okwanira. Funsani adokotala kuti ndi asilikali ati amene achuluka, ndi ati amene achepa, ndipo muwauze kumene mwayenda, madzi amene mwasambamo ndi mankhwala onse amene mukumwa.